Kawaphunzitseni Amayi Kulemba Pulomputi pa Foni

Anzanga, ambirife fizi yathu imachokera pa benchi ya usipa, tomato kapena kaunjika. Ndiye nali phunziro lalifupi loti mukawapatse makolo ndi anzawo a pamsika. Silifuna kompyuta ayi, foni ya WhatsApp ndi kabandulo basi.

Yambani ndi tanthauzo. Pulomputi ndi malangizo amene munthu amalembera pulogalamu yopanga mawu, kuti imukonzere uthenga wotsatsa malonda. Ina mwa mapulogalamuwa ndi Meta AI, imene inafika pa WhatsApp kuno ku Malawi mu 2024. Mfundo yoti aigwiritsitse ndi yakuti pulogalamuyo sinafikepo pa benchi pawo. Sidziwa mtengo, sidziwa kuti usipawo ndi wamtundu wanji. Chimene simunaiuze imangopeka.

Tiyerekeze mayi wogulitsa usipa walemba kuti, "Ndilembere uthenga wotsatsa usipa." Apa zotuluka zikhoza kukhala zokoma kuwerenga koma zabodza, mwina zonena kuti usipa ndi wauwisi pomwe uli wouma, kapena kuti amakaperekera kunyumba. Kasitomala akabwera n'kupeza zosiyana, wochita manyazi ndi mayiyo, osati foni.

Choncho asanagwire foniyo, muwafunse monga wogula: Mukugulitsa chiyani, Amayi? Mulu ndi zingati? Muli pati, mpaka nthawi yanji? Mayankho awowo ndiwo pulomputi. Onani iyi:

"Ndimagulitsa usipa wofutsa. Mulu waung'ono K500, waukulu K1,000. Ndili mu shedi ya nsomba, benchi yachitatu kuchokera pageti, Lachiwiri ndi Loweruka mpaka 5 koloko madzulo. Lemba uthenga wa mizere itatu m'Chichewa chosavuta, woti ndiike pa Status. Usawonjezere chilichonse chimene sindinanene."

Chiganizo chomalizacho n'chofunika kwambiri, ngakhale sichitseka mabodza onse. "Mizere itatu" nayo ili ndi ntchito, chifukwa mukapanda kunena utali imalemba chikalata, ndipo ndani amawerenga Status yaitali? Ine ndimadumpha.

Za bandulo: alembe kaye mawuwo deta ili yozimitsa, pamalo olembapo manotsi m'foni, kenako akope n'kumata. Deta ayatse potumiza pokha.

Uthenga ukabwera asathamangire kuika. Awerenge mokweza, ayang'ane mtengo, malo ndi masiku ngati zili momwe analembera. Chichewa cha mapulogalamuwa chimapunduka kawirikawiri poyerekeza ndi Chingerezi, ndiye mawu amene iwo sangayankhule pamsika achotse, aikepo awo. Apa m'pamene inu a Fomu 2 mungathandize.

China, muwachenjeze kuti nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni isalowe mu pulomputi ngakhale pang'ono. Ndipo poti Status imafufutika pakatha maola 24, pulomputiyo aisunge m'manotsi muja. Tsiku lina la msika angosintha mtengo n'kutumizanso.