Avereji ikuti mwapindula, koma mpamba ukutha: vuto lili pati?

Pamsika wa Bvumbwe, m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo, mtengo wa tomato sukhazikika. Akasowa, wopikula amamwetulira. Akachuluka, kapena akayamba kuwola ndi mvula, amagulitsidwa motchipa kuti angochoka. Amalonda ena amati mwezi wabwino umabweza zimene mwezi woipa wadya. Masamu akusonyeza kuti sizikhala choncho nthawi zonse.

Mwachitsanzo, mayi wopikula tomato wayamba ndi mpamba wa K100,000, ndipo ndalama zonse amazibwezera mu geni. Mwezi woyamba wapindula 50 peresenti, ndalama zafika pa K150,000. Mwezi wachiwiri tomato wadzadza pamsika, waluza 40 peresenti. Akachotsa 40 pa 50 kenako n'kugawa 10 wotsalayo pa miyezi iwiri, apeza kuti amapindula 5 peresenti pamwezi. Iyi ndi avereji wamba ya kusukulu, yophatikiza ndi kugawa.

Koma akawerenga za m'chikwama apeza K90,000. Chifukwa chake n'chakuti phindu la 50 peresenti linawerengedwa pa K100,000, ndipo linali K50,000, pamene 40 peresenti yoluza inadulidwa pa K150,000, ndipo inali K60,000. Mapesenti awiriwa sakuchokera pa ndalama zofanana, choncho kuwaphatikiza kumasocheretsa.

Avereji imene imanena zoona za mpamba ndi yochulukitsa, imene akatswiri a masamu amaitcha ya jiyometiriki. Mwezi wopindula 50 peresenti umachulukitsa mpamba ndi 1.5, pamene mwezi woluza 40 peresenti umauchulukitsa ndi 0.6. Ndiye 1.5 × 0.6 = 0.9, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse patsala K90. Popeza miyezi ndi iwiri, wamalonda angagwiritse ntchito chizindikiro cha √ pa kakyuleta ya foni: √0.9 imapereka pafupifupi 0.95. Ndiye kuti mayiyu akuluza pafupifupi 5 peresenti mwezi uliwonse.

Pakatha chaka, kusiyanaku kumakula. Avereji yophatikiza ikadakhala yoona, K100,000 ikadafika pafupifupi K180,000. Koma miyezi ikamasinthana choncho, wabwino kenako woipa, mpamba umatsika ndi 10 peresenti pa miyezi iwiri iliyonse, ndipo chaka chikamatha patsala pafupifupi K53,000. Pamene mnzake wogulitsa nyemba, amene tiyerekeze kuti amangopindula 4 peresenti mwezi uliwonse osaphonya, amakhala ndi pafupifupi K160,000. Papepala avereji yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya watomato, koma ndalama zili kwa iye.

Lamulo lake ndi ili: avereji yochulukitsa siiposa yophatikiza. Zimafanana pokhapokha phindu likakhala lomwelo mwezi uliwonse. Mitengo ikamakwera ndi kutsika kwambiri, mpata wa pakati pa ziwirizi umakulanso. Dzenje likazama, kutulukamo kumavuta: woluza 20 peresenti amafunika kupindula 25 peresenti kuti abwerere pomwe anali, woluza 40 amafunika pafupifupi 67, ndipo woluza theka amafunika 100 peresenti yathunthu. Woluza zonse alibenso chochulukitsa, ngakhale msika utakoma chotani mawa lake.

Izi sizikutanthauza kuti avereji yophatikiza ndi yachabe. Imagwira ntchito ngati wamalonda amapikula ndi ndalama yofanana nthawi zonse, phindu n'kumaliika padera. Mayi uja akanasunga K50,000 ya mwezi woyamba n'kupikulanso ndi K100,000 yokha, akanaluza K40,000, n'kutsala ndi phindu la K10,000 pa miyezi iwiri. Chimene chinamupweteka n'chakuti anakuza katundu pa nthawi yomwe msika unkagwa. Choncho funso loyamba ndi lakuti: kodi phindu limabwerera mu geni? Ngati limabwerera, avereji yoyenera kutsatira ndi yochulukitsa.

Njira imodzi yochepetsera vutoli ndi kusaika mpamba wonse pa katundu wowola msanga. Mayiyu akamapikula ndi theka lokha la ndalama zimene ali nazo mwezi uliwonse, mwezi wabwino chuma chake chonse chimakwera ndi 25 peresenti, mwezi woipa chimatsika ndi 20 peresenti. Ndiye 1.25 × 0.8 = 1, ndipo K100,000 yake ikadali yonse. Theka linalo likalowa mu nyemba kapena katundu wina wokhalitsa, mpamba umayamba kukwera pang'onopang'ono.

Kuti adziwe pamene ali, wamalonda safunika masamu ambiri. Alembe m'kope mpamba wonse, ndalama pamodzi ndi mtengo wa katundu wotsala, pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, ndipo alembenso zimene watapa za pakhomo. Pakatha miyezi 12, ayerekeze nambala yoyamba ndi yomaliza. Ngati sanatape zambiri koma nambala yomaliza yatsika, ndiye kuti miyezi yoipa ikudya kuposa zimene yabwino ikubweretsa, ndipo nthawi yochepetsa katundu wowola yakwana.