Excel ikadandaula kuti masamu akuzungulira, kabokosi kolakwa kamapezeka bwanji?

Tiyerekeze msungichuma wa banki m'khonde. Chaka chatha, tsiku logawana ndi Loweruka, ndipo iye wakhala pa laputopu yobwereka kuti asamutse zonse za m'kope n'kuziika mu Excel. Walemba masheya a mamembala khumi mumzere wotsika wa B, kuyambira B2 mpaka B11. Mu B12 akufuna chiwonkhetso. Akulemba fomula, akudina Enter, basi pasikirini pakutulukira uthenga wa Chingerezi wokhala ndi mawu awiri achilendo: circular references. Akudina OK kuti uthengawo uchoke. Pomwe amayembekezera mamiliyoni pakuoneka 0.

Ndalama sizinasowe, ndipo kompyuta sinawonongeke. Chachitika n'chakuti pokoka mbewa dzanja linapitirira ndi kabokosi kamodzi, fomula n'kukhala yotere:

```
=SUM(B2:B12)
```

Fomulayi ili mu B12, komanso ikulamula Excel kuti iwonkhetse manambala onse mpaka B12 yemweyo. Kuti ipeze yankho la B12 iyenera kudziwa kaye zomwe zili mu B12. Zili ngati kuuza munthu kuti anyamule dengu lomwe iye wakhalamo. Tanthauzo la chenjezo lija ndi lomweli: pali fomula imene ikudalira yankho lake lomwe, kaya mwachindunji kaya podzera m'timabokosi tina. Excel imawerengera motsata ndondomeko, kuyambira timabokosi tosadalira kanthu kenako tomwe tikudalira timeneto. Ikapeza kuti njira yabwerera pomwe inayambira, imasowa poyambira, imasiya, ndipo m'kabokosiko imaonetsa 0 kapena nambala yomwe inalimo kale.

Vuto la mtundu woyambawu n'losavuta. B12 isinthidwe kukhala B11 mufomulamo, nkhani yatha. Ngati chenjezo latuluka munthu atangolemba kumene fomula, fomula yomweyo ndiyo yamalizitsa kuzungulirako, ndipo `Ctrl+Z` imabweza zinthu mmene zinalili.

Chomwe chimadyetsa anthu mutu ndi kuzungulira kodzera kutali, kumene fomula iliyonse payokha imaoneka yabwinobwino.

Tibwerere kwa msungichuma uja. Gulu linagwirizana kuti pa ntchito yosunga mabuku chaka chonse alandire kangachepe, 5 peresenti ya phindu. Patsamba lina la fayilo yomweyo walemba chiwongoladzanja chonse, K600,000, mu B2, ndi zindapusa za ochedwa kumsonkhano, K40,000, mu B3. B4 ikuphatikiza ziwirizi n'kupeza K640,000. Mu B5 muli K30,000 ya makope, zolembera ndi loko wa bokosi. Kenako pakubwera mafomula atatu awa:

```
B6  =B8*5%
B7  =B5+B6
B8  =B4-B7
```

B6 ndi chithokozo cha msungichuma, B7 ndi zotuluka zonse, B8 ndi phindu. Muwerenge umodziumodzi, simupeza cholakwika. Chithokozo ndi 5 peresenti ya phindu, n'zoona. Zotuluka ndi makope kuphatikiza chithokozo, n'zoonanso. Phindu ndi zolowa kuchotsa zotuluka. Ngakhale mwana wa Sitandade 6 angavomereze. Koma B6 ikudikira B8, B8 ikudikira B7, ndipo B7 ikudikira B6. Aliyense amene anapitapo ku ofesi n'kuuzidwa kuti apite chitseko chachiwiri, kumeneko n'kumutumiza chachitatu, chachitatu n'kumubwezera poyamba paja, akudziwa mmene Excel ikumvera.

Apa ndi timabokosi titatu toyandikana. M'fayilo ya malipiro a ogwira ntchito kapena ya bajeti ya sukulu, njirayo ikhoza kudzera m'timabokosi khumi pamasamba anayi.

Choyamba kuyang'ana si mafomula ayi, koma kamzere ka pansi penipeni pa windo la Excel, kumanzere, komwe anthu ambiri sakaona n'komwe. Fayilo ikakhala ndi vutoli, pamenepo pamalembedwa mawu ngati awa:

```
Circular References: B6
```

Imeneyo ndi keyala ya kabokosi kamodzi komwe kali m'njira yozungulirayo. Mawuwo akaoneka opanda keyala, ndiye kuti vuto silili patsamba lomwe latsegulidwa. Lili patsamba lina. Munthu akhoza kumadina masamba limodzilimodzi mpaka keyala itatulukira, koma pali njira yachidule. Pamwamba pali gawo la Formulas. Mmenemo muli Error Checking, ndipo pambali pake pali kamuvi kakang'ono koloza pansi. Kudina kamuviko, osati mawuwo, kumatsegula mndandanda womwe uli ndi Circular References. Mbewa ikafika pamenepo, keyala imaoneka, ndipo kuidina kumamufikitsa munthu pa kabokosiko ngakhale kali patsamba lina.

Pano m'pomwe ambiri amapsera. Amaganiza kuti kabokosi komwe Excel yatchula ndiko kolakwa, amafufuta fomula yake n'kulembamo nambala pamanja. Chenjezo limathadi, chifukwa njira yadulidwa. Koma Excel sidziwa wolakwa. Imangoloza mmodzi mwa omwe ali mubwalo. Msungichuma akafufuta fomula ya B8 n'kulembamo nambala, mawa wina akabweza ngongole mochedwa n'kuwonjezera chiwongoladzanja, phindu silisintha, ndipo palibe chenjezo lililonse lomwe lidzamuuze. Kumeneko n'kuchotsa batire mu wailesi chifukwa ikulengeza za maliro.

Choyenera ndi kulondola mapazi. Mu Formulas momwemo muli batani la Trace Precedents. Munthu akasankha B6 n'kulidina, Excel imajambula muvi wabuluu kuchokera ku kabokosi komwe B6 ikudalira: kadontho pa B8, nsonga pa B6. Akalidinanso, mivi imapita sitepe ina kumbuyo, kuonetsa kuti B8 ikutenga kwa B4 ndi B7. Kachitatu, B7 ikuoneka kuti ikutenga kwa B5 ndi B6. Muvi ukabwerera pa kabokosi koyambira, bwalo lonse laoneka. B4 ndi B5 zikungothira manambala mubwalomo koma sizilandira kanthu kuchokera mmenemo, choncho zilibe mlandu. Otsala ndi atatu aja.

Muvi wakuda wodukaduka wokhala ndi kachithunzi ka tebulo kumapeto umatanthauza kuti njira yalowera patsamba lina. Kudina kawiri pamuviwo kumatsegula Go To, pomwe pali keyala ya kumeneko. Trace Dependents imayenda mobwerera, kuonetsa timabokosi tomwe tikudalira komwe kasankhidwa, ndipo Remove Arrows imafufuta mivi yonse ikachuluka n'kuyamba kuoneka ngati ukonde. Fayilo ikakhala yaikulu, pepala ndi cholembera zimathandiza kuposa mivi: kulemba B6, B8, B7 motsatana mpaka keyala ina itabwera kachiwiri.

Bwalo likapezeka, funso lotsala si la kompyuta. Ndi la gulu. Pomwe anati 5 peresenti ya phindu, ankanena phindu liti? Lomwe lilipo chithokozo chisanachotsedwe, kapena lotsala chitachotsedwa? Pamsonkhano pansi pa mtengo palibe anafunsa, ndipo Excel ndiyo yatulukira kuti pangano linali ndi mbali ziwiri.

Ngati ankanena phindu chithokozo chisanachotsedwe, ndipo magulu ambiri angamve choncho, B6 isayang'anenso B8:

```
=(B4-B5)*5%
```

K640,000 kuchotsa K30,000 ndi K610,000. Chithokozo chikhala K30,500, zotuluka K60,500, phindu logawana K579,500. B7 ndi B8 sizikhudzidwa, ndipo mawu aja pansi pa windo amazimiririka okha. Akapanda kuzimiririka koma keyala n'kusintha, ndiye kuti pali bwalo lina lomwe limadikira, ndipo ntchito iyambirenso pa Error Checking.

Nanga ngati ankanenadi phindu lotsala? Masamu ake alipo, ndipo safuna kuzungulira:

```
=(B4-B5)*5%/(1+5%)
```

Yankho ndi K29,047.62, phindu lotsala ndi K580,952.38, ndipo 5 peresenti ya phindu limeneli ndi K29,047.62 yomweyo. Njira ziwirizi zikusiyana ndi K1,452 ndi matambala ochepa. Ndi ndalama yochepa, koma yokwanira kuyambitsa mkangano pa tsiku logawana.

Pali batani lina lomwe mnzake wodziwa makompyuta angamuuze msungichuma kuti adine. Lili pa File, kenako Options, kenako Formulas, ndipo limalembedwa Enable iterative calculation. Likayatsidwa, Excel imaloledwa kuzungulira dala. Imabwereza masamuwo mpaka ka 100, kapena kusiya msanga yankho likayamba kusintha ndi zosakwana 0.001. M'chitsanzo chathu imafikadi pa yankho: chithokozo chimayamba pa 30,500, n'kutsika pa 28,975, n'kukwera pa 29,051.25, mpaka chitakhazikika pa 29,047.62. Akatswiri owerengera ngongole zazikulu amagwiritsa ntchito zimenezi mwadala, pomwe chiwongoladzanja chimadalira ngongole ndipo ngongole imadalira chiwongoladzanja.

Kwa msungichuma wa banki m'khonde, batani limeneli ndi msampha. Likayaka, chenjezo limatheratu pa mabwalo onse, abwino ndi oipa omwe. Fomula yolakwika ija ya B12 sidandaulanso. M'malo mwake imadziwonkhetsa yokha mobwerezabwereza, masheya a K2 miliyoni n'kufufuma kufika K200 miliyoni, n'kumakulabe nthawi iliyonse Excel ikawerengeranso. Nambala yotere imaonekera poyera kuti ndi yabodza. Yoopsa ndi yomwe yalakwika pang'ono n'kumaoneka yomveka. Choipiranso n'chakuti Excel imatengera batanili ku fayilo yoyamba kutsegulidwa, ndiye fayilo ya munthu wina ikhoza kuliyatsa mwini laputopu osadziwa. Manambala akamasintha okha munthu akangodina `F9` popanda kulemba chatsopano, ndi bwino kukayang'ana kumeneko.

Si onse amagwiritsa ntchito Excel. Google Sheets siitulutsa windo la chenjezo. Imalemba `#REF!` m'kabokosi, ndipo mbewa ikafika pamenepo pamaoneka mawu akuti Circular dependency detected. LibreOffice Calc imalemba `Err:522`. Mapulogalamu awiriwa amachita bwino pa chinthu chimodzi: cholakwika chimakhala pamaso mpaka chitakonzedwa.

Excel ndi yaulemu mopitirira. Imachenjeza kamodzi pomwe bwalo lapangika, kenako pomwe fayilo ikutsegulidwa, ndipo pakati ponsepo imangokhala chete, 0 wake ali pomwepo ngati yankho lenileni. Choncho inu amene mwalandira fayilo ya gulu, ya tchalitchi kapena ya kuntchito, musanawerengere anthu ndalama zawo, yang'anani kaye pansi kumanzere kwa windo. Mukaona Circular References, musasindikize pepalalo.