Mphatso imene simungaigwiritse ntchito: muilandire bwanji?

Mwezi wa Meyi ndi Juni, pamene mpunga wapsa m'madambo a kuno ku Chama, mphatso zimayenda kwambiri pakati pathu. Funso limene timamva kawirikawiri ndi lakuti: munthu akandipatsa chinthu chimene sindichikonda kapena sindingachidye, ndichite chiyani kuti ndisamukhumudwitse komanso ndisaname?

Tiyerekeze kuti ndinu mphunzitsi, ndipo kuchipatala anakupezani ndi matenda a shuga nakuuzani kuti muchepetse mpunga woyera chifukwa umakweza shuga m'magazi msanga. Tsiku lina agogo amasiye, amene mdzukulu wawo mumamuphunzitsa, afika atasenza beseni la mpunga wopuntha kale.

Choyamba, landirani. Aloleni akhale pansi, mupatsane moni, kenaka landirani ndi manja awiri. Musayambe ndi mawu akuti "ine sindidya mpunga". Mawuwo ndi oona, koma agogowo adzamva kuti mwakana iwo, osati mpungawo. Kumbukirani zimene zili m'besenimo. Analima, anapalira, anakhala masabata akupirikitsa mbalame, mwina anagonanso kumunda kuopa njovu. Pa Marko 12:41-44 Ambuye anayesa chopereka cha mkazi wamasiye poona zimene iye anatsala nazo, osati kukula kwake.

Chachiwiri, yamikani chimene chili choona. Musanene kuti, "Ha, uwu ndiye ndimaukonda koposa!" Bodza limeneli limabala ana, chifukwa chaka chamawa adzabwera ndi mabeseni awiri, akudzimana okha. Nenani kuti, "Agogo, mwavutika zedi. Kuyambira kumunda mpaka kumtondo, ndipo mwandikumbukira ine. Zikomo kwambiri." Ngati ndi Asenga, kuwauza kuti "taonga chomene" kudzawafika pamtima. Mukakumana nawo mawa lake, thokozaninso.

Chachitatu, beseni lisabwerere lopanda kanthu. Ikanimo kamchere, sopo kapena kabotolo ka saladi. Musawerengere mtengo wa mpungawo n'kutulutsa ndalama pomwepo, chifukwa mukatero mwasandutsa mphatso kukhala malonda. Akulu anati kupatsa n'kuika: ubale sufuna kuti ngongole ithe tsiku lomwelo.

Tsono mpunga uja muutani? Ngati m'nyumba muli ana kapena alendo, aphikireni, ndipo mudzawauze agogo kuti ana anakondwa. Ngati mukhala nokha, mungapatse wina, koma samalani. Kuno timadziwana. Mpungawo mukautengera kumsika, kapena mukaupereka kwa mnansi wa agogowo mobisa, mbiri idzawafika dzuwa lisanalowe. Njira yabwino ndi kupempha: "Agogo, mungandilole nditumizeko amayi anga ku Lundazi, alaweko mpunga wanu?" Ochepa angakane. Ambiri amanyadira kuti dzanja lawo lafika patali.

Pakapita masiku, pocheza wamba, auzeni za matenda anu. Nenani kuti adokotala anakuletsani zakudya zina, ndipo tchulani chimene mumadya, monga chibwabwa, therere kapena nshawa. Mukatero mwawatsegulira njira yoti azikupatsanibe popanda kutaya thukuta lawo. Mudzadziwa kuti zayenda bwino akapitiriza kubwera pakhomo panu. Akayamba kukulambalalani kutchalitchi, pitani mukawachezere msanga.

Chimodzimodzi ndi chitenje chimene maluwa ake simunawakonde. Chitenje chimazindikirika kuposa mpunga, choncho musachipereke kwa munthu wa mumpingo womwewo. Chivaleni ngakhale kamodzi pamene mwini wake angachione, kenaka chingakhale mbereko kapena nsalu ya pathebulo.

Koma pali mphatso imene sitiyenera kulandira konse. Boma lathu lili m'chigwa cha Luangwa, ndipo gawo lake lina ndi dera la nyama la Musalangu. Nthawi zina munthu amabweretsa nyama ya m'tchire yofutsa, yokulungidwa m'thumba, madzulo. Lamulo la zanyama la Zambia la 2015 limati kupezeka ndi nyama yotere popanda chikalata chovomerezeka ndi mlandu, ndipo kunena kuti "ndinangopatsidwa" sikukupulumutsani. Apa kanani, koma paseri, osati pamaso pa anthu: "Achimwene, chikondi chanu ndachiona ndipo ndathokoza. Koma iyi ingatigwetse m'mavuto tonse awiri, sindingaisunge m'nyumba." Musailandire n'cholinga chokaitaya usiku, chifukwa ikangolowa m'nyumba mwanu mlandu ndi wanu. Chimodzimodzinso mphatso yobwera pamene wopatsayo akudikira chigamulo chanu, monga malo a mwana kusukulu kapena mlandu wa kubwalo la akulu a mpingo. Auzeni mwaulemu kuti simungalandire kanthu nkhaniyo ili m'manja mwanu.

Mphatso yosakusangalatsani ilandireni, yosakuyenerani ipezereni wodya mwini wake akudziwa, ndipo yokupalamulitsani ibwezeni mwaulemu. Ambuye akudalitseni m'nyengo ino ya zokolola.