Chifukwa chiyani wobwera pambuyo walowa kale?

Usiku wina namwino wa ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi anapatsa abale a mnyamata wothyoka dzanja kakalata aka. Iwo anali atadikira maola awiri pa benchi, mtima uli m'mwamba.

"Mayi ndi bambo, mwamva tikunena mawu akuti triyaji. Ndi mawu ochokera ku Chifalansa, otanthauza kusankhula. Kuno sititsata amene wafika poyamba ngati kuchigayo. Timayamba ndi amene moyo wake uli pachiswe.

"Wodwala akangofika timaona kapumidwe, kugunda kwa mtima, kutaya magazi ndiponso ngati akuyankha tikamulankhula. Wofiira amalowa nthawi yomweyo, wachikasu amatsatira posachedwa, wobiriwira angathe kudikira. Khanda lija lakudutsani linali kukomoka, milomo itachita bii. Mphindi zochepa zikanalitayitsa moyo.

"Mwana wanu akumva ululu, ndikudziwa, ndipo zikundikhudza. Koma akupuma bwino, zala zake ndi zofunda, choncho tamuika pa chikasu. Mtunduwu umasintha. Zala zikazizira kapena kuchita dzanzi, akayamba kusinza modabwitsa, musachite manyazi, ndiitaneni msanga ndidzamuonenso."