Foni Ikulemba Cinyanja, Koma Ndalama ndi Tsiku Lembani ndi Cala

Alembi a makopaletivu ndi a mipingo kuno ku Chadiza tsopano amatumiza zidziwitso zambiri pa foni. Ambiri a ife zala zinauma ndi khasu, ndipo tizilembo ta pa foni ndi tating'ono. N'cifukwa cake ena ayamba kulankhula cabe, foni ndi kumalemba yokha. Ena anayesa kale nasiya, ati foni inawalembera Cizungu copanda mutu.

Anasiyawo sananame. Kwa zaka zambiri foni sinali kumva cinenero cathu. Mu Okutobala 2024 kampani ya Google inalengeza kuti yawonjezera zinenero za mu Afirika zimene munthu angalankhule kuti kibodi yochedwa Gboard ilembe, ndipo Cicewa cili pomwepo pamodzi ndi Cishona. Koma foni siidziwa yokha kuti mwini wake ndi Mcewa. Imamvetsera m'cinenero cimene inauzidwa. Ngati inasiyidwa pa Cizungu, mau anu onse idzawafunira mau a Cizungu omveka mofanana nawo.

Konzani motere, pa foni ya Android. Tsegulani pomwe mumalembera uthenga, dinani kacizindikiro ka gudumu pamwamba pa zilembo, sankhani Languages, kenaka Add keyboard, ndipo funani Nyanja kapena Chichewa. Mukabwerera, gwirani kabatani katali ka pansi mpaka zinenero zioneke, musankhe cathu. Tsopano dinani kamaikolofoni kali pamwamba pa kibodi, ku dzanja lamanja. Cenjerani, pa WhatsApp pali kamaikolofoni kena pambali pa bokosi la uthenga. Kameneko kamajambula liwu lanu ndi kulitumiza, sikalemba. Ngati cinenero cathu sicikumveka ndithu, Gboard yanu ingakhale yakale, ndipo ifunika kuikonzanso ku Play Store. Nchitoyi imafuna intaneti, conco netiweki ikamadukaduka mau ena amatayika pakati.

Tiyerekeze kuti mlembi wa kopaletivu kwa Zingalume afuna kulemba kuti: "Mamembala onse musabwere Lacitatu, msonkhano uli Lacisanu. Aliyense abweretse K50 ya mayendedwe a feteleza."

Mau monga mamembala, msonkhano ndi aliyense savuta kwenikweni, cifukwa amapezeka kawirikawiri m'zolankhula zimene makinawa anaphunzirapo. Ngozi ili pa tinthu tating'ono. Pakati pa "musabwere" ndi "mubwere" pali ka "sa" kokha. Mphepo ikaomba pa foni kapena cigayo cikalira pafupi, kakhoza kumezedwa, ndipo ciganizo cotsalaco cimawerengeka bwinobwino, palibe cokudabwitsani. Lacitatu anthu adzayenda mtunda wautali pa njinga kudzapeza citseko cotseka.

Ndalama nazo n'zovuta, pakuti ife timawerenga m'Cizungu pakati pa Cinyanja. Timati fifite kwaca, ndipo fifite ndi fifitini zimasiyana pothera pokha. Foni imene ikumvetsera Cicewa ikhoza kusokonezeka pamenepo. K50 ikasanduka K15, msungicuma ndiye adzakangana ndi mudzi wonse. Ife tikuti ndalama, tsiku, nambala ya foni ndi nambala ya citupa muzilemba ndi cala nthawi zonse. Maina a anthu ndi a malo monga Zingalume kapena Mlolo muwayang'anenso, cifukwa dzina losowa foni imakonda kulidula kapena kulisinthanitsa ndi liwu lodziwika.

Kalankhulidwe kamathandiza kwambiri. Lowani m'nyumba, zimitsani wailesi, foni ikhale pafupi ndi pakamwa ngati utali wa cikhatho. Nenani ciganizo cimodzi, imani, werengani, ndiyeno pitirizani. Musakuwe, ndiponso musadule mau kuti "mu-sa-bwe-re" ngati mwana wa giredi wanu. Makinawa amalingalira liwu poona anzake oyandikana nalo, conco amamva bwino ciganizo cathunthu conenedwa mwacibadwa. Pamene pali liwu lathu lodziwika, ligwiritseni nchito: msonkhano m'malo mwa miting'i, Lacisanu m'malo mwa Fulaide. Kusakaniza zinenero n'kumene kumaisoceretsa.

Mukaona foni yalemba "chifukwa" kapena "Lachisanu" ndi ch, musataye nthawi kukonza. Umenewo ndi kalembedwe ka ku Malawi, ndipo palibe wa ku Chadiza amene angalephere kuwerenga. Maso anu asungireni "sa", "si" ndi manambala.

Wina angafunse kuti bwanji osangotumiza liwu lojambula. Pa maliro kapena moni, tumizani. Koma cidziwitso ca ndalama cifunika kulembedwa, kuti tsiku la mkangano cipezeke msanga, ciwerengedwe pamaso pa onse, ndi kukoperedwa m'buku la kopaletivu. Musanadine potumizira, muwerengereni mnzanu mokweza zimene zili pa foni, iye akuuzeni tsiku ndi ndalama zimene wamva.