Kalata yoyamba ya mphunzitsi watsopano kwa makolo

Sukulu zikatsegulira mu Seputembala, mwana amafika pakhomo masana, n'kuponya chikwama pakhonde, n'kunena kuti, "Atipatsa aphunzitsi ena." Mukamufunsa kuti ndani, amangoti, "Amadamu ena ake aatali." M'makomo ambiri nkhani imathera pomwepo. Munthu amene aziswera ndi mwana wanu masiku asanu pa sabata mpaka Julayi mudzamudziwa mu Disembala poona siginecha yake pa sukulu lipoti, kapena tsiku limene mwana adzabwezedwe kuti akatenge makolo chifukwa wapalamula. Kukumana koyamba kukakhala kwa pa mlandu, aliyense amabwera atakonzeka kudziteteza. N'chifukwa chake aphunzitsi ena amayamba ndi kalata, sabata yoyamba yomweyo, mwana aliyense asanalakwe.

Chinthu choyamba chimene mphunzitsi ayenera kukumbukira n'choti kalata yakeyo ambiri sadzaiwerenga ndi maso, adzaimva ndi makutu. Kumudzi, ngakhalenso m'makwalala a Ndirande kapena Mtandire, mwana angathe kukhala ndi agogo ake, azakhali ake, mwinanso mkulu wake amene akulera anzake. Woiwerenga mokweza madzulo, ndi kuwala kwa tochi, nthawi zambiri ndi mwana yemweyo. Choncho kalata yolembedwa m'Chingerezi cha ku koleji ya aphunzitsi, yodzaza masamba awiri, yalephera isanachoke n'komwe pasukulu. Ilembedwe m'chilankhulo cha pakhomo, Chichewa kapena Chitumbuka, Chiyao, malinga ndi dera, ndipo ikwane pa theka la pepala la A4. Malonje ake asangoti "Okondedwa makolo". Mawu akuti "ndi onse olera ana" amaoneka ochepa, koma agogo amene akulera mwana wamasiye amamva kuti kalatayo ndi yawonso.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wapatsidwa Sitandade 5 pa sukulu yaboma, kalasi ya ana 90. Ndasankha Sitandade 5 dala, chifukwa m'sukulu zambiri zaboma apa m'pamene maphunziro onse, kupatula Chichewa, amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, pomwe m'makalasi anayi oyamba mwana amadalira chilankhulo chake. Kalata yake ingayambe motere:

"Okondedwa makolo ndi onse olera ana, ndikupereka moni. Ine ndine mphunzitsi watsopano wa Sitandade 5, ndipo mwana wanu akhala m'manja mwanga chaka chino. Chaka chino masamu, sayansi ndi maphunziro ena aziphunzira m'Chingerezi. Mwina teremu yoyamba malikisi ake atsika. Musamukalipire msanga, ndipo musaganize kuti nzeru zamuthera. Ana ambiri amavutika akangolowa kalasi imeneyi, ndipo ndidzawathandiza."

Taonani kuti za iye mwini wanena zochepa. Dzina lake lilembedwa, ndipo ngati akufuna angawonjezere kuti waphunzitsa zaka zingati, koma mndandanda wa masatifiketi suthandiza agogo. Chimene chawathandiza n'choti wawachenjezeratu za chinthu chimene chidzachitikadi m'nyumba mwawo. Mwana amene ankakhala nambala 8 mu Sitandade 4 akabwera ndi nambala 40 mu Disembala, kholo losachenjezedwa limaloza chala mphunzitsi watsopanoyo, kapena limatenga mkwapulo. Kholo lochenjezedwa limakumbuka kuti aphunzitsi ananena, ndipo limabwera kudzafunsa chochita.

Kenako pabwere zopempha, ndipo apa m'pamene makalata ambiri amasokonekera. Mawu onga akuti "tigwirane manja pa maphunziro a ana athu" ndi okoma, koma munthu akawamva sadziwa choti achite mawa m'mawa. Chopempha chabwino n'chimene kholo losadziwa kuwerenga lingachite popanda kutulutsa ndalama. Zisapitirire zitatu:

"Ndikupempha zinthu zitatu. Mwana azifika belu loyamba lisanalire, ngakhale pa tsiku la msika. Madzulo muzimuuza akuonetseni kope lake, ndipo muone ngati pali tsiku la lero ndi chizindikiro cha cholembera chofiira; ngakhale simuwerenga, zimenezi mudzaziona. Akadwala kapena pakagwa zovuta, tumizani uthenga kudzera kwa mnzake woyandikana naye tsiku lomwelo."

Chopempha chachiwiricho ndimachikonda kwambiri. Chimapatsa agogo ntchito yeniyeni, komanso chimamanga mphunzitsi mwiniwake, pakuti walonjeza poyera kuti azichonga makope. Pa ana 90 sangachonge onse tsiku lililonse, choncho anene zoona: kuti kope lililonse aziliona kawiri pa sabata, mwachitsanzo. Lonjezo lalikulu limene lidzasweka pofika Okutobala limawononga kalata yonse, ndipo ya teremu yachiwiri palibe adzaikhulupirire. Chimodzimodzi nthawi ya belu: alembe ola lenileni la pasukulu yawo, chifukwa sukulu zina zochuluka ana zimagawa makalasi, ena m'mawa ena masana.

Pa nkhani ya ndalama, kalata imeneyi ikhale chete, kapena inene chinthu chimodzi chokha. Maphunziro a pulayimale m'sukulu zaboma ndi aulere kuyambira 1994, ndipo nkhani za ndalama za sukulu zimakambidwa ndi komiti ya sukulu pamodzi ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi, osati mphunzitsi wa kalasi payekha. Kalata yolandira makolo ikangokhala ndi mzere woti mwana abwere ndi ndalama ya tsache kapena ya mayeso, mzere umenewo ndi wokhawo umene udzakumbukiridwe, ndipo makalata otsatira azidzabisidwa poganiza kuti ndi ngongole. Chinthu chimodzi choyenera kunenacho ndi ichi: "Ine sindidzatuma mwana kudzatenga ndalama kwa inu popanda kalata ya chidindo cha sukulu." Mawu amenewa amateteza kholo kwa mwana wofuna ya zitumbuwa, amatetezanso dzina la mphunzitsi. Za makope ndi zolembera angatchule chiwerengero chake, koma awonjezere kuti mwana amene sizinakwane abwerebe. Yunifolomu nayonso isakhale chifukwa choti mwana akhale pakhomo sabata ziwiri kudikira telala.

Gawo limene ine ndimaliona lofunika koposa lili kumunsi kwa pepala, kachidutswa kong'amba n'kubweza. Pamenepo pafunsidwe zinthu zochepa: dzina la mwana, dzina la amene akukhala naye ndi ubale wawo, mudzi, ndi nambala ya foni, yawo kapena ya woyandikana nawo. Wosatha kulemba adinde chala kapena alembetse. Kaundula wa sukulu amakhala ndi mayina amene analembedwa mwana akulowa Sitandade 1, ndipo pa zaka zinayi zambiri zimasintha: ena amamwalira, maukwati amatha, bambo amapita ku Joni. Kachidutswaka kamauza mphunzitsi amene ali pakhomo lero.

Funso la thanzi lifunsidwe mosamala. Mphunzitsi afunikadi kudziwa mwana amene amagwa khunyu, wa mphumu, kapena amene saona bwino pabolodi ndi wosamvetsetsa, kuti amukhazike kutsogolo. Koma pepalali liyenda m'manja mwa ana, ndipo panjira amawerengerana. Choncho kalata isauze makolo kulemba matenda. Inene kuti, "Ngati pali za thanzi la mwana zimene mukufuna ndidziwe, bwerani tidzakambirane awiri, ndipo zidzathera pakati pathu." Mwana amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku asadzamve chinsinsi chake chikuimbidwa pabwalo la mpira chifukwa cha kapepala ka aphunzitsi. Ndipo poti "bwerani", atchule tsiku ndi nthawi, monga Lachitatu lililonse ana akaweruka. Kholo limene lauzidwa kuti libwere nthawi ina iliyonse limafika pakati pa phunziro la masamu, kapena silibwera n'komwe poopa kusokoneza. Ngati mphunzitsi wapereka nambala yake ya foni, anenenso maola oimbira.

Kalata isanatuluke, ahedi aione ndipo aidinde. Izi sizongolemekeza akuluakulu chabe: ahedi amadziwa ngati zimene mphunzitsi watsopano walemba zikusemphana ndi zimene makolo anagwirizana pa msonkhano wapitawo, ndipo chidindo chimatsimikizira kholo kuti pepalalo lachokeradi kusukulu. Kuchulukitsa kwake si kovuta. Makalata awiri pa pepala limodzi, ndiye kuti ana 90 afuna mapepala 45 a fotokope. Kumene kulibe makina, ana a Sitandade 5 angathe kukopera kuchokera pabolodi papepala la pakati pa kope, mphunzitsi n'kusaina lililonse, ngakhale kuti pamenepo kalatayo iyenera kufupikanso. Gulu la WhatsApp limathandiza m'tauni, koma limasiya kunja makolo a foni zamabatani, amene nthawi zambiri ndiwo ofunika kuwafikira kwambiri.

Zolakwika zimachitika panjira. Kalata imanyowa, imakulungidwira mtedza, imagona m'chikwama mpaka Khirisimasi. Mwana wina amabisa dala chifukwa m'moyo wake wonse kalata ya kusukulu imatanthauza mlandu. Wina amawerenga ndithu, koma mzere wa kope ndi cholembera chofiira amaudumpha. Mankhwala ake ndi kuiwerenga kaye m'kalasi, mokweza, ana onse akumva kuti mulibe dzina la munthu ndipo mulibe chilango, kenako kuipereka Lolemba kapena Lachiwiri, osati Lachisanu, kuti mawa lake mphunzitsi afunse. Mfundo zomwezo azibwerezenso pakamwa pa msonkhano woyamba wa makolo.

Pakatha sabata, mphunzitsi awerenge tizidutswa tobwerera, akuchonga m'kaundula. Tinene kuti pa 90 tabwera 65. Ana 25 otsalawo asawakalipire, ndipo asawatchule mayina pamaso pa anzawo. Ena angoiwala, ndipo akakumbutsidwa mwakachetechete abweretsa. Otsala pambuyo pa chikumbutso chachiwiri, kaya akhale khumi, ndiwo ofunika kuwayang'anitsitsa, chifukwa nthawi zambiri kumeneko kuli chifukwa: palibe wamkulu pakhomo, kapena alipo koma akudwala, kapena mwanayo amagona kwina. Ana otere ndi amene amayamba kujomba mvula ikagwa, ganyu wa kumunda akachuluka. Mayina awo mphunzitsi awatengere kwa ahedi ndi kwa amayi a gulu loyang'anira ana pasukulu, amene amadziwa makomo a m'midzi yozungulira, ndipo pa khomo lililonse papite munthu wamkulu kukanena pakamwa zimene pepala lija linalephera kufikitsa.