Docker imanyamula mapulogalamu a loboti, osati thupi lake

Ife okonza maloboti timalemba pulogalamu pa laputopu, koma kumene imakagwira ntchito ndi pa kakompyuta komangirira m'mimba mwa loboti. Kawirikawiri pulogalamu yomwe imayenda bwinobwino patebulo ikafika kumeneko imakana kudzuka. Ambiri masiku ano amati mankhwala ake ndi Docker, chida chomwe chinatuluka mu 2013. Ndikuvomereza, koma theka lokha: Docker imafananitsa mapulogalamu, pomwe purosesa ndi zipangizo za loboti zimatsala momwe zilili.

Tiyeni titenge loboti yamateyala yokhala ndi Raspberry Pi 4 ndi sensa yoyeza mtunda yolumikizidwa pa USB. Pulogalamu yake yalembedwa ndi ROS 2 Humble, yomwe inatuluka mu 2022 ndipo inakonzedwera Ubuntu 22.04. Laputopu ikakhala ndi Ubuntu 24.04, vuto layamba kale, chifukwa yogwirizana ndi imeneyo ndi Jazzy. Apa ndi pomwe Docker imathandiza. Mu fayilo yotchedwa `Dockerfile` timayamba ndi mzere wakuti `FROM ros:humble`, kenako n'kulemba chilichonse chomwe pulogalamu ikufuna, ndipo Docker imamanga zonsezo kukhala imeji imodzi. Imeji ili ngati chikombole cha njerwa: kontena iliyonse yotuluka mmenemo imafanana ndi inzake. Mkati mwa kontena pulogalamu imaona mafayilo a Ubuntu 22.04, kaya kunja kuli chiyani.

Koma imeji yomangidwa pa laputopu mukangoitengera ku loboti, mudzalandira uthenga wakuti `exec format error`. Uthengawu sukunena kuti pulogalamu yalembedwa molakwika. Malaputopu ambiri ali ndi purosesa ya Intel kapena AMD, ya mtundu wa `amd64`, pomwe ya Raspberry Pi ndi ya ARM, yomwe pa Ubuntu wa mabiti 64 imatchedwa `arm64`. Malamulo omwe ina imamva, inzake siiwamva. Choncho imeji iyenera kumangidwa kawiri kuchokera ku `Dockerfile` yomweyo:

```
docker buildx create --use
docker buildx build --platform linux/amd64,linux/arm64 \
  -t dzina/loboti:1.0 --push .
```

Zonse ziwiri zimasungidwa pansi pa dzina limodzi, ndipo kompyuta iliyonse imakoka yoyenera purosesa yake. Kumanga ya `arm64` pa laputopu kumachedwa ndithu, popeza laputopu imachita kutsanzira purosesa ya ARM kudzera mu QEMU. Ena pothawa kuchedwaku amakamangira pa loboti penipeni tsiku lina. Sindikugwirizana nazo. Dzina ngati `ros:humble` limasinthidwa zamkati nthawi ndi nthawi, ndipo `apt-get` imatenga zomwe zilipo tsiku limenelo, kotero imeji yomangidwa lero ndi ya mwezi wamawa zikhoza kusiyana mwakachetechete. Zimangidwe pamodzi, zipatsidwe nambala imodzi.

Malire achiwiri ndi zipangizo. Kontena imabadwa yotsekeredwa, siona sensa ngakhale waya walowa bwino. Pulogalamu ikadandaula kuti `/dev/ttyUSB0` palibe, chonsecho kunja kwa kontena ikuoneka, ndiye kuti simunaitsegulire khomo ndi `--device=/dev/ttyUSB0`. Netiweki nayo ndi chimodzimodzi. Zigawo za ROS 2 zimapezana poulutsa mauthenga pa netiweki, koma Docker imaika kontena pa kanetiweki kakekake. Chizindikiro chake n'chakuti loboti ikugwira ntchito koma `ros2 topic list` pa laputopu sikuonetsa chilichonse chochokera ku sensa. Kawirikawiri `--network host` imathetsa vutoli.

Wina angafunse kuti kodi kakompyuta kofooka chonchi sikalemedwa? Ayi, osati kwenikweni. Kontena si kompyuta yongoyerekezera, imagwiritsa ntchito kenelo ya Linux yomwe ili kale pa loboti, ndipo pulogalamu imayenda pa purosesa mwachindunji. Chimene chimadyeka ndi malo pa memole khadi. Koma yankho lomweli likuonetsanso pomwe mphamvu ya Docker yathera: ngati kenelo ya loboti ilibe dilaivala wa sensa, imeji singamubweretse.

Winanso angati bwanji osangolemba `--privileged` kuti makomo onse atseguke nthawi imodzi. Imagwiradi, n'chifukwa chake ambiri amaikonda. Komabe imapereka zipangizo zonse za kompyuta ku kontena, ndipo imabisa mndandanda wa zomwe pulogalamu ikudalira, womwe ndi wofunika tsiku losintha kompyuta. Ine ndimalangiza kutchula chipangizo chilichonse ndi dzina lake mu fayilo ya `compose.yaml` ndi kuisunga pamodzi ndi pulogalamu. Ndipo imeji ya `arm64` isanayesedwe pa loboti yeniyeni, mateyala ali m'mwamba, musaike lobotiyo pansi kuti iyende.